Malipiro Atachedwa, Milimita Anamata Batani

Inu amene mwadzuka lero n'kupita ku ntchito m'thumba muli mphepo yokhayokha, nkhani iyi ndi yanu. Amene malipiro anu amalowa pa tsiku lake mukhoza kuwerenga nawo, koma musaseke, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma.

Pa kampani ina yosindikiza mabuku panali bambo wina amene anzake ankamutcha Milimita. Ntchito yake inali yodula mapepala ndi mabuku pa makina okhala ndi chimpeni chachitali ngati chitseko. Dzinalo analipeza chifukwa sankalola kuti buku lipendeke ngakhale pang'ono, ndipo anzake ankati ngakhale buledi kunyumba kwake amayamba wamuyeza ndi rula.

Koma pa nthawi imene tikunenayi Milimita sankasekanso. Mwezi unali utatha popanda malipiro, wachiwiri nawo unali kumapeto. Kampani inali italandira oda yaikulu ya mabuku, n'kuthira ndalama zake zonse pa mapepala ndi inki, pomwe wogulayo anali woti adzalipira mabuku onse akaperekedwa. Akuluakulu sankafotokoza zimenezi. Iwo ankangoti, "Pirirani, zinthu zili m'njira." Njira yake iti, palibe ankadziwa.

Mwina mukuti, bwanji osangokhala kunyumba? Apa ndiye pali msampha. Ukajomba masiku angapo osatsanzika, amalemba kuti wathawa ntchito. Ndalama zimene unagwirira kale sizifa ayi, koma kuzilondola uli kunja kwa geti ndi ntchito ina payokha, ndipo pamene ukulondola palibe mwezi wina ukuwerengedwa. Milimita anali ndi mkazi, mwana wa sukulu ndi nyumba ya lendi. Chimene ankaopa koposa zonse chinali kuchotsedwa ntchito. Choncho ankabwera tsiku lililonse, wapansi, chifukwa ya basi inali itatha kalekale.

Kunyumba sananene zoona. Mkazi wake, amene ankaluka anthu tsitsi pakhonde, akafunsa, iye ankayankha kuti, "Ku banki kuli vuto la netiweki." Netiweki imeneyo inadwala mwezi wathunthu osachira.

Mantha ali ndi nkhanza, anthuni. Foni ikangolira, mtima wake unkagunda ngati watsala pang'ono kutuluka. Ankaitulutsa msangamsanga poganiza kuti ndi uthenga wa malipiro, n'kupeza kuti ndi a banki akumukumbutsa kuti tsiku lodula ngongole lapita, mu akaunti sanapezemo kanthu, ndiye awonjezera chindapusa. Pena anali mayi eni nyumba. Iwowo sankawayankha n'komwe, ndipo pochoka m'mawa ankazungulira kuseri kwa mpanda kuti asakumane nawo. Tulo tinathawa. Mutu unkamupweteka kumbuyoku, chakudya sichinkatsika, ndipo mwana akangogwetsa supuni ankamukalipira ngati waswa galasi la galimoto.

Kenako anapeza ganyu yotsitsa matumba pa shopu ina yaikulu madzulo, yolipira pompopompo. Vuto linali lakuti malole ankafika iye asanaweruke. Kuti apeze chonamizira chochokera msanga, ankayenera kumaliza mulu wake wa tsikulo dzuwa likadali pamwamba.

Tsono makina odulira aja ali ndi mabatani awiri, lina kumanja lina kumanzere, otalikirana dala. Mpeni sutsika pokhapokha usindikize onse awiri nthawi imodzi. Anawapanga choncho kuti pamene mpeni ukutsika, manja ako onse akhale kunja. Aliyense wodula mapepala amadziwanso kuti pa makina akale, ukamata batani limodzi ndi tepi, dzanja limodzi limamasuka, umawongola mapepala ndi ili kwinaku ukusindikiza ndi linali, ntchito n'kumathamanga. Aliyense amadziwanso kuti ukagwidwa, ulendo wa kwanu wakwana. Milimita yemweyo amene ankakalipira anzake pa zimenezi anatenga tepi n'kumata batani lakumanja.

Masiku angapo zinayenda. Tsiku lina masana, m'mimba muli tiyi wopanda shuga yekha, anali kukankha mulu wa mapepala ndi kathabwa kowongolera. Foni inanjenjemera m'thumba. Maganizo ake onse anathamangira kumeneko: ndi malipiro kodi, kapena ndi mayi aja? Dzanja lamanzere, mwachizolowezi, linasindikiza batani, lamanja likadali mkati.

Chimene chinamupulumutsa ndi chitsulo chopanira mapepala chimene chimatsika mpeni usanafike. Atangomva chikugunda kathabwa, anasolola dzanja. Mpeni unatsika, khaa! Kathabwa kanaduka pawiri, ndendende pamene panali chala chake chachikulu.

 Anakhala pansi pa simenti, akuyang'ana zala zake ngati za munthu wina. Anafuna kudzuka kuti amatule tepi ija wina asanaone, koma anzake anali ataona kale.

Kapitawo wawo anali bambo wamtali, wosaseka wamba, amene ankamutcha Wotchi chifukwa ankati akamalankhula nawe maso ali pa mkono. A Wotchi anafika, anayang'ana kathabwa, anayang'ana batani, n'kuzimitsa makina.

"Wamata ndani apa?"

"Ndine, bwana."

"Inuyo? A Milimita?"

 M'mutu mwa Milimita munali chinthu chimodzi: ntchito yatha, ndikanena chiyani kunyumba?

A Wotchi anamutengera ku kachipinda kawo n'kutseka chitseko. "Mukudziwa kuti mlandu uwu ndi wochotsa nawo munthu. Sindingaubise, anthu aona. Ndikakupempherani kwa akuluakulu kuti likhale chenjezo lomaliza, poti simunalakwepo. Koma mukadzangophonyanso kamodzi, kaya kujomba, kaya kuwononga ntchito, ine sindidzatsegulanso pakamwa." Anapumira m'mwamba. "Mukuganiza kuti ine ndalandira? Inenso mwana wanga amubweza ku sukulu. Koma mwaona nditalowetsa dzanja mu mpeni? Mawa m'mawa mupite ku chipatala, ndakulolezani. Maso anuwo si a munthu wabwinobwino."

Ku chipatala nesi anamumanga lamba pamkono, anayang'ana manambala, n'kumuyezanso kachiwiri.

"Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mukugona?"

"Pang'ono."

"Mukudya? Chikukusautsani n'chiyani?"

Munthu wamkulu, wa ndevu zake, anayamba kulira pamaso pa nesi. Anafotokoza zonse, kuyambira netiweki mpaka tepi. Nesi uja sanamunyoze. Anamuuza kuti abwerenso adzayezedwe, ndipo ngati sizitsika adzayamba mankhwala. "Koma malipiro anu ine ndilibe, ndipo mankhwala ochotsa lendi kulibe," anatero. "Chimene mungathe ndi kuchepetsa katundu amene mwasenza nokha. Akazi anu akudziwa?"

Ulendo wochokera ku chipatala kupita kunyumba unamuopsa kuposa mpeni. Anapeza mkazi wake ali pakhonde akutsuka zipeso. Anakhala pa mpando wa makasitomala n'kunena zonse maso ali pansi.

Mkaziyo anaika chipeso pansi. "Ndiye mumandiona ngati mwana, eti? Akazi a anzanu a ku ntchito amalukitsa tsitsi pompano. Ndinamva kalekale. Ndimangodikira kuti netiweki yanuyo ichira liti."

"Ndimaopa kuti mudandaula."

"Kudandaula ndadandaula kale, ndekha, inu mukudandaula nokha uko. Nyumba imodzi, maliro awiri! Tandionetsani dzanjalo."

Anagwira chala chija n'kuchitembenuza uku ndi uku. "Mukanabwera nacho m'pepala chimenechi, tikanadya chiyani? Ganyu ya matumba ija ithe lero. Muzipita Loweruka lokha, mukapuma."

Tsiku lomwelo anakhala pansi awiri n'kugwirizana zoyamba ndi zotsiriza. Kandalama ka tsitsi kazipita ku chakudya choyamba, kenako ya basi yopitira kokha kuti azifika ku ntchito asanatope, pobwerera aziyenda ndi anzake a njira imodzi. Zina zonse zidikire. Za katapila mkaziyo anakaniratu. "Ameneyo amakukongoza mbuzi n'kudzatenga ng'ombe. Tikalowa mmenemo, malipiro akadzabwera adzangodutsa pakhomo pano osalowa."

Kenako anati, "Tiyeni kwa mayi eni nyumba."

"Panopa?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukufuna abwere okha?"

Mayi eni nyumba anali wamasiye amene ankadalira lendi yomweyo. Anawalandira nkhope ili gwa. "Ine chimene chimandipweteka si ndalama zokha ayi. Ndi kuona bambo wamkulu akuzemba kuseri kwa mpanda ngati nkhuku yakuba. Mumaganiza sindikuonani?" Milimita anafuna nthaka itseguke. Koma atafotokoza, mayiwo anavomera kuti azipereka kangachepe kalikonse kakapezeka, ndipo adikira mpaka mwezi wotsatira uthe. "Kupitirira apo musadzandide. Inenso ndimadya."

Ku banki nako anapita yekha osadikira kuitanidwa. Sanamukhululukire ngongole, koma anamuuza kuti akabweretsa kalata ya ku ntchito yotsimikiza kuti malipiro achedwa, akhoza kusuntha tsiku lodula kuti chindapusa chisamangokwera. Iye ankaganiza kuti akangolowa amugwira. Anatuluka popanda womugwira, mtima utatsikako.

Nkhani ya kalatayo ndi imene inadzutsa anzake ku ntchito. Pa nthawi ya tiyi Milimita, amene kale ankakhala payekha kumangoyang'ana foni, anafotokoza zimene zinamuchitikira. Kunapezeka kuti aliyense ali ndi mpanda wake umene akuzemba. Wina anali atagulitsa wailesi, wina ankagona kwa mlamu wake, wina anali atayamba kumwa pa ngongole kuti aiwale ngongole. Anaseka mpaka misozi, kuseka kwa anthu amene ali m'dzenje limodzi.

Ena ankafuna kungozimitsa makina tsiku lomwelo. A Wotchi anawaletsa. "Kunyanyala kuli ndi njira yake, mukangodumphira mudzapatsa anthu chifukwa chokuchotserani. Komanso mabukuwa akapanda kutuluka, ndalama yathu ichokera kuti? Tiyambe tapempha msonkhano tonse pamodzi, polemba. Akakana, ku ofesi ya zantchito kulipo." Mutu umodzi susenza denga, ndipo bwana amene amakwanitsa kuthamangitsa munthu mmodzi pakhomo la ofesi sangathamangitse fakitale yonse.

Bwana wamkulu anabwera, thukuta lili kamukamu. Kwa nthawi yoyamba anafotokoza za oda ija ndi wogula amene salipira katundu asanafike. Ogwira ntchito anapempha zinthu zotheka: ya basi mlungu uliwonse, makalata opita ku banki ndi kwa eni nyumba, ndi tsiku lenileni la malipiro. Bwanayo anavomera, natchula tsiku.

Musaganize kuti mantha anatha. Ankabwerabe, makamaka m'mawa. Koma Milimita anaphunzira kuwaikira malire. Akafika ku ntchito ankatsekera foni m'kabati, n'kumaiona pa nthawi yopuma yokha. Ankadya kanthu asanayatse makina, ngakhale mbatata yozizira. Maganizo a lendi akamufikira ali pa mpeni, ankachotsa manja, n'kupuma mpweya pang'onopang'ono kangapo, n'kudziuza kuti za nyumba tikambirana madzulo ndi mkazi wanga. Madzulowo akakambirana, ankatseka nkhaniyo n'kumuthandiza mwana homuweki. Tulo tinayamba kubwerako.

Tsiku limene bwana analonjeza linafika. Pa nthawi yopuma aliyense anathamangira foni yake. Zii. Mawa lake, zii. Wowerengera ndalama wa kampaniyo anangoti mabuku anachedwa kutha chifukwa magetsi ankazimazima, ndiye wogula sanalipire. Mwezi umene mayi eni nyumba anapereka unathera pomwepo.

M'mawa wa tsiku lomaliza kudula oda ija, mayi eni nyumba aja anamudikirira pa geti. Sanakalipe. "Mwananga, ndayesetsa. Pali wina wabwera ndi ndalama m'manja. Mlungu uno mupeze kwina. Zotsalazo mudzandipatsa mukalandira."

Milimita anafika ku ntchito osadziwa kuti wadutsa njira iti. Mabuku onse anali atasindikizidwa, atapindidwa, atamatidwa zikuto, ataunjikidwa mpaka m'khosi. Chotsala chinali kuwadula m'mbali zitatu kuti alingane. Ntchito ya wodula ndi yomaliza, ndipo ilibe chigamba: ukalakwitsa muyeso n'kudya zilembo, mulu wonsewo wapita ku zinyalala, ndipo pa kampanipo panalibe ndalama yogulira mapepala ena obwerezera. Lole yodzanyamula mabuku kupita nawo kwa wogula inali itaima panja. Anzake onse anali atazungulira, akumuyang'ana ngati mmene odwala amayang'anira dokotala.

Anayatsa makina. Anatenga rula kuti aike muyeso, koma manambala ankavina. Anayang'ana manja ake, ndipo ankanjenjemera ngati a nkhalamba. M'makutu munkangomveka mawu aja: mlungu uno mupeze kwina.

Apa mantha anamugwira pawiri. Akadula ali choncho n'kulakwitsa, ntchito yatha, ndipo malipiro a anthu onsewa wawataya ndi iye. Akanena kuti sangathe, munthu wa chenjezo lomaliza, lole ili panja, bwana wamkulu ali pakhomo, si ndiye kudzichotsa yekha? Mtima wina unkamuuza kuti, limba, ndiwe mwamuna, ingodula, palibe aone.

Anaika rula pansi n'kuzimitsa makina.

"Bwana," anatero kwa a Wotchi, "sindili bwino. Andichotsa m'nyumba m'mawa uno. Manja akunjenjemera. Ndikadula panopa ndiwononga. Ndipatseni kanthawi."

 Bwana wamkulu anayandikira. "Kanthawi? Lole ija tikulipira pa ola! Kodi si yemwe uja wa tepi ameneyu?"

 Milimita anadziwa kuti basi, kwatha.

A Wotchi anayang'ana pa mkono pawo monga mwa masiku onse, kenako anabisa dzanjalo m'thumba. "Bwana, uja wa tepi anakhala chete n'kutsala pang'ono kutisiyira chala pa tebulo. Uyu wanena. Lole idikire, kusiyana n'kuti inyamule zinyalala." Anatembenukira kwa anzake. "Wina abweretse mpando ndi tiyi wa shuga."

Milimita anakhala pansi panja pa mthunzi. Anamwa tiyi, anapuma monga anazolowera. Mnzake wina womata zikuto anakhala pambali pake n'kunena kuti kufupi ndi kwawo kuli chipinda chopanda munthu, chaching'ono koma chosadontha, ndipo mwini wake ndi msuweni wake, akhoza kumvetsa. Wina anati ali ndi wilibala yosamutsira katundu. Sizinali zazikulu, koma zinakwanira kuti mpweya uyambenso kufika pansi pa chifuwa.

Atabwerera, anayamba ndi buku limodzi lowonongeka kale, analidula, analiyeza, n'kupatsa a Wotchi kuti nawonso ayeze. Kenako anayamba mulu woyamba, manja onse awiri pa mabatani. Mpeni unatsika, unakwera, unatsikanso. Sanathamange. Thukuta linkayenderera m'msana, ndipo mulu uliwonse ankauopa ngati woyamba. Dzuwa likupendeka, katoni yomaliza inakwera lole, popanda buku ndi limodzi lomwe lobwezedwa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndalama zinalowa mawa lake, koma ndingakunamizeni. Wogula anatenga masabata ena akuwerenga katundu ndi kusainirana mapepala. Milimita ndi banja lake anasamukira m'kachipinda kaja, katundu wina n'kukasungitsa kwa achibale. Mkazi wake analira posiya khonde limene makasitomala ake analizolowera, ndipo iyenso zinamuwawa kwambiri. Koma m'mawa uliwonse ankadzuka n'kupita ku ntchito imene inali ikadali yake.

Malipiro atalowa, onse pamodzi, sanachite phwando. Banki inadula zake, mayi eni nyumba akale anapatsidwa zawo mpaka kutha, sukulu inalandira zake. Zotsala zinali zochepa, koma mkazi wake anapatulapo kena n'kunena kuti, "Aka ndi ka mwezi umene netiweki idzadwalenso." Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse ankapatula kangachepe.

Patapita zaka, a Wotchi atakwanitsa zaka zopuma, bwana wamkulu anawafunsa amene angalowe m'malo mwawo. Anatchula Milimita. Bwanayo anakumbutsa za chenjezo lija. A Wotchi anati, "Odziwa kudula alipo ambiri. Ine ndikufuna munthu amene anthu anga akadzabwera mitu itatentha, adzawaona msanga, chifukwa anapitamo." Lero Milimita ndi kapitawo, ndipo malipiro akati achedwe ngakhale pang'ono, iye ndiye amayamba kugogoda ku ofesi kuti anthu auzidwe zoona tsiku lisanafike.

Tsono inu amene mwezi watha foni ili chete: kuchedwa kwa malipiro si mlandu wanu, ndipo si manyazi anu. Amene wachedwetsa ndiye ali ndi ngongole kwa inu, ndipo muli ndi ufulu woifunsa, mwaulemu, pamodzi ndi anzanu, mpaka ku ofesi zoyenera ngati pafunika. Koma pamene mukudikira, musadzimalize nokha. Uzani a kunyumba kwanu. Pitani kwa amene muli nawo ngongole iwo asanakupezeni. Idyani, gonani, kayezetseni thupi likayamba kulankhula. Ndipo tsiku limene manja akunjenjemera, kaya muli pa mpeni, pa chiwongolero kapena pa bedi la wodwala, tsegulani pakamwa munene kuti sindili bwino. Ndalama yochedwa imafika, koma imafuna ikupezeni muli moyo, muli ndi manja anu, muli pa ntchito yanu. Limbani mtima, abale anga, osataya mtima.